Masitepe 5 kapena 7 pa sikelo ya "mukugwirizana nazo?"

Funso: Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri kuno ku Blantyre ndipo ndikufufuza maganizo a amayi a m'magulu a banki mkhonde ku Ndirande ndi ku Bangwe. Ndili ndi ziganizo 18 zimene ofunsa aziwawerengera amayiwo m'Chichewa kuchokera pa tabuleti, iwo n'kumanena ngati akugwirizana nazo kapena ayi. Aphunzitsi ondiyang'anira akuti sikelo ya masitepe 7 ndiyo yabwino, ndipo akuti mawu ndilembe kumathero awiri okha, pakati pakhale manambala. Mnzanga akuti masitepe 5 ndi okwanira. Nditsate ziti?

Yankho: Achemwali, pa kafukufuku wanuyu tengani masitepe 5, ndipo sitepe iliyonse ikhale ndi mawu akeake a Chichewa amene mwawayesa kaye pa anthu musanapite nawo kumagulu. Zimene akunena aphunzitsi anu zili ndi maziko, ndipo ndikufotokozerani pamene zikuchokera, koma maganizo osiya manambala okha pakati ndikukulangizani kuti muwakane mwaulemu, chifukwa ndi amene angakuwonongereni ntchito kuposa kusankha pakati pa 5 ndi 7.

Sikelo ya mtunduwu inatchuka kuchokera mu 1932, pamene Rensis Likert wa ku America anaonetsa kuti maganizo a munthu angathe kuyezedwa pomupatsa ziganizo zingapo n'kuphatikiza mayankho ake. Iye anagwiritsa ntchito masitepe 5, onse okhala ndi mawu. Pambuyo pake akatswiri ena anaona kuti masitepe akakhala ochepa kwambiri, anthu a maganizo osiyana amapanikizidwa m'bokosi limodzi, ndipo anayamba kuwonjezera. Mu 2000, Preston ndi Colman a ku England anayerekeza masikelo a utali wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti a masitepe 2, 3 ndi 4 ndi ofooka, pomwe a masitepe 7 kapena kupitirirako pang'ono anachita bwino. Apa ndi pamene aphunzitsi ambiri amatsamira. Chofunika kukumbukira n'chakuti anthu a m'kafukufukuyo ankadziwerengera okha fomu, masitepe onse ali pamaso pawo. Mu 2014, Revilla, Saris ndi Krosnick anaunika masikelo ofunsa za kugwirizana kapena kusagwirizana ndi chiganizo, ngati anuwa, pogwiritsa ntchito mayankho a European Social Survey ochokera m'mayiko ambiri, ndipo anapeza kuti masitepe 5 amapereka mayankho abwino kuposa 7 kapena 11. Choncho amene amakonda 7 ndi amene amakonda 5 onse ali ndi umboni woti angaonetse, ndipo chimene chimathetsa mkangano ndi kuyang'ana amene akuyankha, njira imene funso likuwafikira, ndi chiyankhulo chimene akufunsidwira.

Kwa inu funso likufika kudzera m'khutu. Mayi amene wakhala pa mphasa tsiku loponya masheya, mwana ali kumsana ndiponso maganizo ali pa geni imene wasiyira mnzake kumsika, ayenera kumva chiganizo, kuchimvetsa, kumva mayankho onse, kuwasunga m'mutu, n'kusankhapo limodzi. Zimenezi azichita ka 18. Mayankho 7 akawerengedwa motsatizana, pofika lachisanu ndi chiwiri loyamba lija limakhala litaiwalika, ndipo anthu amakonda kutola limene alimva kumapeto. Vutoli limagwira aliyense wofunsidwa pakamwa kapena pa foni, ngakhale wophunzira kwambiri, kotero musalitenge ngati nkhani ya sukulu ya amayiwo.

Komabe chifukwa chachikulu chimene ndimasankhira 5 chili m'Chichewa momwemo. Sitepe pa sikelo imakhala ndi ntchito pokhapokha ngati anthu onse akuimva mofanana ndiponso akuiika pamalo amodzi pakati pa zinzake. Kuti mukhale ndi masitepe 7 muyenera kupeza mphamvu zitatu za kuvomera, mphamvu zitatu za kukana, ndi mawu a pakati. Kumbali yovomera zimaoneka zophweka: "ndikugwirizana nazo pang'ono", "ndikugwirizana nazo", "ndikugwirizana nazo kwambiri". Koma mawu oti "pang'ono" m'kamwa mwa Mmalawi ali ndi ntchito zambiri. Munthu wochira bwinobwino amati "ndikupezako bwino pang'ono" chifukwa cha kudzichepetsa, ndipo munthu amene sakufuna kukutsutsani maso ndi maso amati "eee, pang'ono" pomwe mumtima akukana. Pa fomu yanu anthu awiriwa adzalandira nambala imodzi, 5 pa 7, chonsecho wina akuvomera ndi mtima wonse, wina akukana mwaulemu. Kumbali yokana zimavuta koposa, chifukwa "sindikugwirizana nazo pang'ono" ena amamva kuti pali kachinthu kochepa kamene sakugwirizana nako, pomwe ena amamva ngati chidule cha "ngakhale pang'ono", kumene kuli kukana kotheratu.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale a masitepe 5, ndipo ndimaupeza m'mafomu ambiri omasuliridwa kuchokera ku Chingelezi. Womasulira akafika pa yankho lokana mwamphamvu amangowonjezera "kwambiri" pa mneni wokana, n'kulemba kuti "sindikugwirizana nazo kwambiri". Yerekezani kuti mnzanu wakuuzani kuti "nsomba sindizikonda kwambiri". Mumamva kuti amadyako ndithu koma si ndiwo yake ya pamtima. Mawu oti "kwambiri" akatsatira mneni wokana amafewetsa kukanako m'malo mokulimbitsa, ndipo "kwenikweni" amachitanso chimodzimodzi. Ndiye kuti yankho limene inu mwalipatsa nambala 1, poganiza kuti ndi lokana kotheratu, anthu ambiri akulimva ngati lofewa kuposa la nambala 2.

Ine ndemwe ndinagwapo mumsampha umenewu pa ntchito ina kuno ku Blantyre. Fomu inali itamasuliridwa, kenako n'kubwezeredwanso m'Chingelezi ndi munthu wachiwiri, ndipo zonse zinaoneka kuti zikugwirizana liwu ndi liwu. Pa tsiku loyesa fomuyo ndinakhala pambali kumvetsera. Mayi wina atafunsidwa anapendeka mutu n'kunena kuti, "Aaa, kwambiri ayi, komabe penapake zimachitika," ndipo wofunsa anawerenganso mayankho, mayiwo n'kusankha "sindikugwirizana nazo kwambiri". Wofunsa anadina nambala 1. Mayi amene anali pafupi ndi pakati analembedwa ngati wokana kotheratu, ndipo palibe amene analakwitsa ntchito yake kupatula ife amene tinavomereza mawuwo muofesi.

Kuti muone kuopsa kwake, tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Chiganizo ndi chakuti "Malamulo a gulu lathu amatsatidwa mofanana kwa membala aliyense", ndipo mwafunsa amayi 100. Tinene kuti maganizo awo enieni ali motere: 10 akukana kotheratu, 20 akukana mofewa, 15 ali pakati, 35 akuvomera, 20 akuvomera mwamphamvu. Mukachulukitsa gulu lililonse ndi nambala yake n'kuphatikiza mumapeza 10 + 40 + 45 + 140 + 100, zomwe ndi 335, ndipo avareji ndi 3.35. Tsopano tinene kuti mawu olakwika aja asinthanitsa magulu awiri a pansi, kotero kuti amayi 20 okana mofewa alembedwa pa 1, ndipo 10 okana kotheratu asankha "sindikugwirizana nazo" n'kulembedwa pa 2. Kuphatikiza kukupereka 20 + 20 + 45 + 140 + 100, zomwe ndi 325, ndipo avareji ndi 3.25. Avareji yasuntha ndi 0.1 yokha, moti munthu woyang'ana avareji sangakayike kanthu. Koma m'lipoti mudzalemba kuti amayi 20 pa 100 aliwonse akutsutsa mwamphamvu zoti malamulo amatsatidwa mofanana, pomwe enieni ndi 10, ndipo ubale wa funsoli ndi mafunso ena, monga la ngati mayiyo akufuna kutuluka m'gulu, udzaoneka wofooka kuposa mmene ulili, chifukwa okwiya kwambiri aja aikidwa pamwamba pa ongodandaula. Chizindikiro chake mumachiona mukatulutsa tebulo la chiwerengero cha yankho lililonse: ngati pa mafunso ambiri, ngakhale amene sautsa mkangano, nambala 1 ili ndi anthu ochuluka kuposa nambala 2, kayikirani mawu a sikelo musanakhulupirire kuti anthu agawanika.

Mawu amene ndimayambira nawo ndi awa, monga mmene angaonekere pa tsamba la `choices` ngati mukugwiritsa ntchito KoboToolbox kapena ODK:

```
list_name  name  label
gwirizana  1     Sindikugwirizana nazo m'pang'ono pomwe
gwirizana  2     Sindikugwirizana nazo
gwirizana  3     Ndili pakatikati
gwirizana  4     Ndikugwirizana nazo
gwirizana  5     Ndikugwirizana nazo kwambiri
gwirizana  98    Sindikudziwa
```

Muona kuti mathero awiriwo sakufanana kalembedwe, lina likuti "m'pang'ono pomwe" lina "kwambiri". Zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa chimene chiyenera kulingana ndi mphamvu ya tanthauzo, osati maonekedwe a mawu. Ena amakonda "ndikutsutsana nazo" ndi "ndikutsutsana nazo kwambiri", zomwe zimathetsa vuto la mneni wokana poti kutsutsa ndi mneni wovomera, ndipo "kwambiri" amaulimbitsa bwino. Ine ndimachita nawo mosamala mawu amenewa, pakuti kutsutsa kumamveka ngati kulimbana ndi munthu amene wanena chiganizocho, ndipo mayi waulemu safuna kutsutsa mlendo amene wabwera ndi tabuleti ndi kalata ya ku yunivesite. Anthu kulikonse ali kale ndi chizolowezi chovomera chimene awerengeredwa, choncho si bwino kuwonjezera kulemera kwa kukana. Mungathe kuyesa mitundu iwiriyi n'kuona umene amayi a ku Ndirande akumasuka nawo.

Yankho la 98 lili ndi ntchito yake. "Ndili pakatikati" ndi la munthu amene waiganizira nkhaniyo n'kuona kuti mbali ziwiri zikulemera mofanana, pomwe "kaya" kapena "sindikudziwa" ndi la munthu amene alibe poyambira, monga mayi amene wangolowa m'gulu mwezi watha ndipo sanaonepo kugawana kwa kumapeto kwa chaka. Mukawasakaniza pa nambala 3, pakati pamatupa ndipo simudziwa ngati anthu ali ndi maganizo apakati kapena funso silikuwakhudza. Wofunsa asawerenge yankho la 98, angolidina ngati mayiyo walinena yekha. Mukafika pa SPSS kapena Stata, muuze pulogalamu kuti 98 si nambala yowerengera avareji, chifukwa ikalowa kamodzi kokha m'gulu la anthu 50 imakweza avareji ndi pafupifupi masitepe awiri.

Tsopano pa nkhani ya manambala opanda mawu. Wofunsa akanena kuti "1 ndi kukana kotheratu, 7 ndi kuvomera kotheratu, sankhani nambala", ntchito yopatsa tanthauzo 2, 3, 5 ndi 6 waisiyira woyankha, ndipo aliyense amaichita mwa njira yake. Wina amaganiza za malikisi a kusukulu n'kuona 4 ngati kungokhoza, wina amaganiza za kalasi kumene nambala 1 ndiye wopambana, ndipo ameneyu angatembenuze sikelo yonse. Ambiri amangothawira kumathero, kumene kuli mawu omveka. Choopsa china n'chakuti ofunsa anu amayamba kudzaza okha mpata umenewu. Mayi akafunsa kuti "nanga 5 ndiye kuti chiyani?", wofunsa mmodzi amati "ndiye kuti bolako", wina amati "ndiye kuti mukuvomera ndithu", ndipo pamapeto pake mumapeza kuti mayankho akusiyana malinga ndi amene anafunsa, osati amene anayankha. Alwin ndi Krosnick mu 1991 anapeza kuti masikelo a masitepe 7 okhala ndi mawu pa sitepe iliyonse ndi odalirika kuposa okhala ndi mawu kumathero okha. M'chaka chomwecho Schwarz ndi anzake anaonetsa ku Germany kuti manambala pawokha amakoka mayankho. Anafunsa anthu mmene zinthu zawayendera m'moyo, mawu a kumathero ali ofanana, koma ena anapatsidwa 0 mpaka 10 ndipo ena -5 mpaka +5. Pa sikelo yoyamba anthu 34 pa 100 anasankha masitepe 6 a m'munsi, pomwe pa yachiwiri anali 13 okha pa 100. N'chifukwa chake ine ndimati manambala akhale a makina, woyankha asawamve n'komwe.

Njira yofunsira imene ndaona kuti imapeputsa ntchito ndi yogawa funso pawiri. Wofunsa awerenge chiganizo, kenako afunse kuti, "Mukugwirizana nazo, simukugwirizana nazo, kapena muli pakatikati?" Mayi akati akugwirizana nazo, wofunsa apitirize kuti, "Mukungogwirizana nazo chabe, kapena mukugwirizana nazo kwambiri?" Akati sakugwirizana nazo, funso lotsatira likhale lakuti, "Mukungoti simukugwirizana nazo, kapena simukugwirizana nazo m'pang'ono pomwe?" Motero munthu sasunga m'mutu zinthu zoposa zitatu nthawi imodzi, koma inu mumapezabe masitepe 5. Krosnick ndi Berent mu 1993 anapeza kuti kugawa funso motere pamodzi ndi kupereka mawu pa yankho lililonse kumachititsa mayankho kukhala okhazikika, ndipo a Afrobarometer, amene amafunsanso anthu m'Malawi muno, ali ndi mafunso ambiri amene wofunsa amayamba wapeza mbali kenako n'kufunsa mphamvu yake. Mawu a funso lachiwirilo muwalembe pa tabuleti monga chikumbutso kuti ofunsa onse anene zofanana.

Musanakhulupirire mawu anga kapena a wina aliyense, yesani. Lembani yankho lililonse pa kakhadi kake popanda nambala, muwonjezere ndi ena amene mukuwakayikira, monga "pang'ono", "kwenikweni" ndi "ndikutsutsana nazo". Pezani amayi 10 kapena 15 a gulu limene silidzakhala m'kafukufuku weniweni, mwina ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa, ndipo mukumane nawo mmodzimmodzi kuti asatengerane. Muwapemphe ayale makadiwo kuyambira pa kukana kwakukulu kufika pa kuvomera kwakukulu. Kwa amene sawerenga, muwatchulire mayankho awiriawiri n'kufunsa kuti, "Pa anthu awiri amene anena mawu awa, wakana kwambiri ndi uti?" Ngati pafupifupi onse ayala mofanana, mawuwo ndi abwino. Ngati atatu kapena anayi asinthanitsa makadi awiri oyandikana, masitepe awiriwo ndi amodzi m'makutu mwa anthu, ndipo limodzi liyenera kusinthidwa kapena kuchotsedwa. Mayeso amenewa amatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ndi amene angathetse nkhani yanu ndi aphunzitsi, chifukwa mungathe kuyala makadi 7 pa amayi omwewo n'kuwaonetsa zotsatira. Ngati mayankho 7 ayalidwa bwino ndi onse, ndiye kuti mwapeza mawu amene ine sindinawapeze, ndipo mungathe kuwagwiritsa ntchito. Mukakhala ndi nthawi, funsani anthu 20 kapena 30 fomu yonse, mubwerere pakatha sabata imodzi kapena ziwiri n'kuwafunsanso. Kusuntha kuchoka pa 4 kupita pa 5 n'kwachibadwa, koma kudumpha kuchoka kumbali yovomera kupita yokana pa nkhani imene sinasinthe kukuonetsa kuti chiganizo kapena mayankho sakumveka.

Poyesapo muonetsetsenso ziganizo zokhala ndi mawu okana, monga "Msungichuma wathu safotokoza bwino za ndalama". M'Chichewa munthu angayankhe kuti "eya" kutanthauza kuti indedi safotokoza, kapena "ayi" kutanthauzanso kuti ayi safotokoza, ndipo "sindikugwirizana nazo" pamwamba pa "safotokoza" ndi kukana kuwiri kumene kumasokoneza ndi ofunsa omwe. Ngati mukufuna ziganizo zina zikhale zoyang'ana kumbali yoipa kuti mugwire ongovomera chilichonse, zilembeni popanda mneni wokana, monga "Msungichuma wathu amabisa nkhani za ndalama". Dongosolo la mayankho likhale limodzi kuyambira funso loyamba mpaka la 18, ndipo kutembenuza manambala a ziganizo zoterezi muchite pa kompyuta mutatha kutolera, mwa kuchotsa yankho pa 6, kuti 5 ikhale 1 ndipo 2 ikhale 4.

Nkhawa ya aphunzitsi anu mwina ndi yakuti masitepe 5 sasiyanitsa anthu mokwanira. Nkhawayi imakhala yomveka pamene nkhani yonse ikuyezedwa ndi funso limodzi. Inu muli ndi ziganizo 18, ndipo ngati 6 mwa izo zikuyeza chinthu chimodzi, monga kukhulupirira atsogoleri a gulu, kuphatikiza kwake kumayambira pa 6 mpaka 30, omwe ndi malo 25 osiyanasiyana. Kusiyanitsa kumene mukanakupeza powonjezera masitepe mwakupeza kale powonjezera ziganizo. Masitepe 7 ndingawavomere mukadakhala kuti mukufunsa ogwira ntchito m'mabanki a ku Limbe kapena ophunzira a ku MUBAS amene akudziwerengera okha fomu m'Chingelezi, kumene mawu 7 odziwika alipo kale ndipo onse akuoneka pa sikirini nthawi imodzi. Ngakhale pamenepo sitepe iliyonse iyenera kukhala ndi mawu ake.

Pali chinthu chimodzi chimene chingasinthe langizo langa. Ngati ziganizo zanu mwazitenga pa sikelo yodziwika imene eni ake anaikonza ndi masitepe 7, ndipo cholinga chanu ndi kuyerekeza zotsatira zanu ndi za ena kapena kugwiritsa ntchito malire amene iwo anakhazikitsa, kusintha kukhala 5 kumadula kuyerekezako. Avareji yokha mungathe kuisamutsa ndi fomula iyi, pamene x ndi avareji ndipo k ndi chiwerengero cha masitepe:

```
(x - 1) / (k - 1) * 100
```

Avareji yathu ija ya 3.35 pa masitepe 5 ikupereka 58.75, ndipo avareji ya 4.5 pa masitepe 7 ikupereka 58.3, kusonyeza kuti ziwirizi zili pamalo amodzi. Dawes mu 2008 anapeza kuti maavareji a masikelo a 5 ndi 7 amafanana akasamutsidwa pa muyezo umodzi. Koma fomulayi sithandiza pa chiwerengero cha amene "akugwirizana nazo", chifukwa pa masitepe 7 ovomera ali m'mabokosi atatu pomwe pa 5 ali m'mabokosi awiri, ndipo ena amene pa 7 akanati "pang'ono" pa 5 amagwera pakati. Ngati kuyerekeza kotereku ndi kumene digiri yanu yatsamira, sungani masitepe 7, mufunse m'magawo awiri, ndipo gawo lachiwiri likhale ndi mphamvu zitatu zimene mwaziyesa ndi makadi. Ngati ziganizozo mwalemba nokha, monga mmene funso lanu likumvekera, palibe chokumangani.

Mukapita kwa aphunzitsi, tengani tsamba limodzi losonyeza mayankho a Chichewa amene munayesa, chiwerengero cha amayi amene munawafunsa, ndi angati anayala makadi 5 mofanana poyerekeza ndi makadi 7. Zomwezo mudzazilembe m'chaputala cha njira za kafukufuku, pamodzi ndi mawu enieni a Chichewa a sitepe iliyonse ndi funso lachiwiri lija monga mmene ofunsa ankalinenera, osati kumasulira kwake kwa Chingelezi kokha, kuti okuyesani athe kuona chimene amayi a ku Ndirande ndi ku Bangwe anamva pamene ankasankha.